Maziko Awiri, Nyumba Imodzi

Tsiku limene Goodson analonjeza pamaso pa ankhoswe kuti adzamanga nyumba ya njerwa ya zipinda zitatu, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamufunsa kuti adzaimanga pa dothi lanji. Iye mwini sanadzifunsenso. Mawuwo anangotuluka, monga amatulukira mawu a mwamuna amene akuona mkazi wake atakhala pamphasa chomufulatira.

Nkhani yake inali yotere. Goodson ankagwira ntchito yoyanika masamba m'fakitale ya tiyi pa esiteti ina ku Thyolo. Makolo ake anachoka naye ku Mozambiki ali pamsana, ndipo anakulira pamalo a mzungu, akugwira thangata ngati anzake onse. Mkazi wake Teleza anamutenga ku Khwethemule, akuchikazi atavomera kuti akakhale kwa mwamuna chifukwa cha ntchitoyo. Tiyi atafika pachitunda pomwe panali mudzi wawo, bwana wa esiteti anawasamutsira onse kumunsi, m'mphepete mwa dambo. Kumtunda kunali katondo, dothi lofiira lija lomwe limakhala momwe walisiyira. Kumunsi kunali makande akuda. Goodson anamangako nyumba ya mitengo yomata ndi dothi, ndipo chaka chilichonse inkang'ambika mpaka munthu kumaona nkhuku za eni ake ali chigonere. M'nyumba imeneyo ana awo awiri, Margret ndi Winston, anadwala chifuwa m'nyengo ya chiperoni, wina chaka chino wina chaka chotsatira, ndipo onse anawaika m'manda. Atatha maliro achiwiri, Teleza anamanga katundu wake nabwerera kwawo.

A Peterson, amalume ake a Teleza, ndiwo anagamula. Anali munthu wamfupi wokonda jekete ngakhale dzuwa litaswa mtengo, ndipo mawu a munthu ankawasunga ngati mbewu. "Mwanena zipinda zitatu, mkamwini. Tamva tonse. Mvula ya chaka chamawa isanagwe ndidzabwera kudzaziwerenga. Zikapezeka, mwana wathu abwerera. Zikapanda kupezeka, ukwati watha, ndipo musadzavutike ndi kubwera kuno."

Goodson anaumba njerwa chilimwe chonse cha 1931, akaweruka kuntchito ndi masiku opuma. Katondo ankakatenga kuchitunda ndi dengu. Nkhuni zootchera anazipempha kwa bwana kudzera mwa kapitawo, ndipo analoledwa kutola nthambi za bulugamu kamodzi kokha, ndi chenjezo loti asadzabwerenso. Uvuni unapsa bwino. Pofika mwezi wa Seputembala njerwa zinali zitaunjikidwa pamalo, zokwanira zipinda zitatu ngati palibe yotayika. Apa ndi pomwe mutu wake unayamba kuzungulira.

Mmisiri wake anali Edson, mnzake wa kutchalitchi, yemwe anaphunzira kumanga pomanga nyumba za makalaliki pachitunda. Edson anali ndi levulo yakeyake, chida cha kadontho pakati choyezera kuongoka kwa khoma, ndipo ankainyamula ngakhale popita kumaliro. Anafika m'mawa, nakhoma zikhomo, nakoka chingwe, natenga piki n'kumenya pansi. Pikiyo inadumpha. Anamenyanso, ndipo kunangothothoka kachibuma kolimba ngati khala.

"Achimwene, muli ndi mwayi," anatero akupukuta thukuta. "Ife tinaphunzira kuti umakumba mpaka piki ikane. Ikakana, wafika polimba. Apa yakana tisanayambe n'komwe. Tikumba mpaka m'bondo, titambasule maziko akhale otakata, basi. Njerwa zanu zonse zipita kumwamba komwe anthu amaona."

Goodson anasangalala mpaka anamuphera nkhuku. Koma mawa lake mlongo wake Esnat, yemwe ankakhala nyumba yoyandikana, anadutsa ndi mtsuko pamutu naima poyang'ana chingwecho.

"Achimwene, dothi ili silifuna njerwa. Limafuna mitengo. Likamavina, mitengo imavina nalo, iwe n'kumangomata. Njerwa sizidziwa kuvina."

"Nyumba yovina ndi yomwe inandithawitsira mkazi," anatero Goodson.

"Ndiye chitani zomwe mukudziwa," anatero Esnat, napitirira. Koma atafika pakhomo pake anatembenuka. "Musanakumbe, kafunseni a Lajabu a kusitolo. Iwo aja anamangapo kuchigwa."

A Lajabu anali Myao wachikulire yemwe tsopano ankasamala ngolo za mwini sitolo pamsika wa Makwasa. Unyamata wawo wonse anathera pa ntchito yomanga, makamaka kuchigwa cha Phalombe komwe makande ndi ochuluka kuposa anthu. Sanafune kubwera. Anati msana, anati ng'ombe, anati Lachisanu. Anabwera Lachiwiri, atavala kofiya yoyera, ndipo chingwe cha Edson sanachiyang'ane n'komwe. Anayenda mpaka pamng'alu wina wa pansi, womwe Goodson ankaudumpha tsiku ndi tsiku osaulabadira. Anathyola bango, nalilowetsa mumng'alumo. Bangolo linalowa, nkulowabe, mpaka linatsala kansonga kokha.

Analitulutsa naliyeza pathupi la Goodson. Linafika m'chiuno.

"Mwana wanga, kufikira apa dothi ili ndi lamoyo. Pano lauma, lafota, n'chifukwa chake layasama chonchi. Mvula ikagwa limwa madzi, litupa, ming'alu yonseyi itsekeka, ndipo chilichonse chomwe wachikhazika pamwamba pake lichinyamula. Chilimwe lichitsitsanso. Vuto n'lakuti silinyamula mofanana. Kunja komwe kumanyowa limakwera kwambiri, m'kati mouma limakwera pang'ono. Khoma limakhala pakati, likukokedwa uku ndi uku."

Edson, yemwe anali atakhala pamulu wa njerwa, anaseka. "A Lajabu, tamenyani ndi piki mumve nokha."

"Ndimenye mwezi uno? Bwerani mudzamenye mu Januwale. Pikiyo mudzaisiya momwemo pamodzi ndi nsapato zanu."

Goodson anaseka nawo, kenaka anazindikira kuti sakudziwa amene akumuseka.

A Lajabu analamula kuti akumbe dzenje limodzi loyesera. Anakumba tsiku lonse, Goodson ndi Edson mosinthana, Edson akung'ung'udza. Dothi lakuda linapitirira bondo, linapitirira chiuno. Litafika pachifuwa linasintha: linayamba kufiirira, muli timiyala. A Lajabu anapempha chibuma cha pamwamba ndi cha pansi, nazinyowetsa ndi madzi a m'chikho. Chakuda chija chinamata m'zala nkumaterera ngati sopo. Chofiiracho chinangophwanyika.

"Maziko akhale apa," anatero akuloza pansi pa dzenjelo. "Apa mvula ndi dzuwa sizisintha kanthu. Mumange khoma kuchokera pansi pomwepa. M'mbali mwake musabwezeremo makande, muthiremo mchenga wa kumtsinje, kuti dothi likamatupa lisagwire khoma n'kukwera nalo. M'kati mwa nyumba muchotse makande, muthire mchenga ndi zidutswa za njerwa. Khonde likhale lalikulu mbali zonse, ndipo kumtunda kuno mukumbe ngalande yopatutsa madzi. Bulugamu uyu adulidwe, amayamwa madzi mbali imodzi."

Goodson anayang'ana dzenje, nayang'ana njerwa zake. Sanafunike kuwerenga. Khoma lofika pachifuwa kuzungulira nyumba yonse, lokwiriridwa pansi pomwe a Peterson sadzaliona, linali chipinda chathunthu.

"Nanga miyala? Sitingaike miyala pansipo?" anafunsa Goodson.

"Miyala ndi yabwino kuposa njerwa. Muli nayo?"

Analibe. Miyala ya pamtsinje bwana anailetsa, inali ya msewu wa kufakitale, ndipo mlonda ankaidziwa umodzi umodzi.

"Ndiye mumanga zipinda ziwiri," anatero a Lajabu.

"Ndinanena zitatu."

"Munanena kwa anthu. Dothi silinamve."

Masiku otsatira Goodson anali ngati munthu wodwala malungo. Akakumana ndi Edson pa njira ya kutchalitchi, zonse zinkamveka bwino: nyumba za makalaliki zija zaima zaka khumi pa maziko a m'bondo, wina anaonapo mng'alu? Palibe. Akakumana ndi a Lajabu pamsika, zinkamvekanso bwino: nyumbazo zili pa katondo, katondo ndi makande ndi zinthu ziwiri. Akafika pakhomo, Esnat ankamuonetsa nyumba yake ya mitengo, yopendekeka koma yosagwa. Aliyense ankanena zoona zomwe anaziona ndi maso ake, ndipo chimenechi ndi chomwe chinkamupweteka Goodson. Akanakhala kuti wina akunama, bwenzi zili zophweka. Kufakitale anayala masamba mothinana mpaka kapitawo anamufunsa ngati waledzera. Kangapo anaganiza zopita ku Khwethemule kukafunsa Teleza mwini wake, koma mwambo sunkalola kuti alankhule naye popanda ankhoswe, ndipo kukauza a Peterson kuti zipinda zachepa kunali kofanana ndi kukabweza mkazi ndi manja ake.

Munthu wosokonezeka sasankha njira imodzi. Amafuna kuyenda zonse nthawi imodzi, ndipo amadziona ngati wochenjera. Goodson anadzuka tsiku lina ndi nzeru yomwe inamusangalatsa kwambiri. Zipinda ziwiri, chogona ndi chochezera, zikhale pa maziko akuya a Lajabu, koma makoma a m'kati akhale opyapyala ndipo denga litsikeko pang'ono kuti njerwa zitsale. Chipinda chachitatu, chaching'ono, chikhale kumapeto pa maziko a m'bondo a Edson. Onse awiri awamvera, ndipo a Peterson awerenga zitatu.

Edson anavomera msanga, popeza mbali yake inalipo. A Lajabu anachotsa kukamwa kamtengo komwe ankatafuna.

"Mukufuna kumanga ng'ombe ndi mbuzi pagoli limodzi," anatero. "Chabwino, nyumba ndi yanu. Koma mverani ichi chokha. Chipinda chaching'onocho musachilumanitse ndi zinzake. Khoma lake lingoima pambali pa khoma lalikulu, njerwa zisalowerane. Pakati pakhale mpata woongoka, wolowa chala, kuchokera pansi mpaka kudenga, mutsekemo ndi udzu kapena chiguduli. Mitengo ya denga lake ikhalenso payokha. Chikafuna kukwera chikwere chokha, chikafuna kutsika chitsike chokha. Mukachilumanitsa, chidzakoka chinzake."

Goodson anavomera ndi mutu, ndipo ankaganiza kuti wamva.

Ntchito inayenda. Anakumba ngalande za maziko mpaka pachifuwa, manja anatuluka matuza, anasenza mchenga wa kumtsinje mpaka khosi linauma. Mbuzi yake yomaliza anaisinthanitsa ndi laimu wosakaniza m'matope a mizere ya pansi. Bulugamu anamudula. Zipinda ziwiri zinakwera, ndipo a Lajabu ankabwera kamodzi pa sabata, kuyang'ana, kugwedeza mutu, n'kubwerera ku ng'ombe zawo. Kenaka mwini sitolo anawatuma ndi ngolo ku Limbe, ndipo sabata imeneyo ndi yomwe Edson anayamba chipinda chachitatu.

Anamanga mizere isanu monga ananenera a Lajabu, naitana Goodson. "Achimwene, tabwerani muone. Imani apo panjira pomwe adzaime apongozi anu."

Goodson anaima panjira. Pakati pa khoma lalikulu ndi laling'ono panali mzere wakuda woongoka. Ankadziwa kuti ndi mpata woikidwa dala, anali pomwepo pomwe unkalamulidwa, koma maso ake ankaona mng'alu. Ndipo ngati maso ake ankaona mng'alu, nanga a Peterson? Nanga Teleza, yemwe anathawa ming'alu?

"Ine chiyambire ntchito iyi sindinaonepo khoma losalumana," anatero Edson, ndipo ankanena ndi mtima wonse. "Mmisiri wathu ankatimenya ndi levulo tikasiya mzere woongoka chonchi. Mphamvu ya khoma ndi kulumana. Anthu adzati Edson wamanga nyumba yosweka isanathe. Koma nyumba ndi yanu."

Aliyense ankamuuza kuti nyumba ndi yake, ndipo zimenezi sizinkamuthandiza konse. Anazungulira nyumbayo kawiri. Anayesa kukumbukira chifukwa chenicheni chomwe a Lajabu anaperekera, koma m'mutu munangotsala ng'ombe ndi mbuzi. Kulumanitsa kunkamveka ngati kulimbitsa. Kulekanitsa kunkamveka ngati kufooketsa. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana chakumapiri masana alionse.

"Lumanitsani," anatero.

Edson anagumula mizere isanu ija, nagoba khoma lalikulu, nalowetsa njerwa mzere uliwonse wachiwiri, mwaluso kwambiri moti munthu sakanadziwa pomwe khoma lina lathera. Mtanda wa denga unayenda umodzi kuchokera uku mpaka uko. Kunena zoona, nyumba inakongola. A Lajabu atabwerako ku Limbe anaima panjira, nayang'ana pangodya paja, nafunsa ngati ngalande ya kumtunda yakumbidwa. Atamva kuti inde, anatsanzika. Goodson anaganiza kuti ndiye kuti zili bwino.

A Peterson anafika sabata yoyamba ya Novembala, ali m'jekete. Analowa chipinda chilichonse, nagogoda makoma ndi ndodo, nawerenga mokweza ngati kuti zipinda zingathawe. Zinakwana zitatu. Patatha masiku anayi Teleza anabwera ndi katundu wake pamutu. Anayendetsa chikhato pakhoma la kuchipinda chogona kuchokera pangodya mpaka pangodya, kenaka anapempha tsache. Goodson anatuluka panja, napita kuseri kwa nyumba, nalira pang'ono ndi chimwemwe.

Mvula inabwera yambiri chaka chimenecho. Ming'alu ya pabwalo inatsekeka m'sabata imodzi, ndipo njira ya kudambo inasanduka phala lomeza mapazi. Mu Januwale chitseko cha chipinda chachitatu chinayamba kukana. Goodson anachipala pansi ndi chikwanje. Patatha sabata ziwiri chinakananso, tsopano pamwamba. Anapalanso. Edson anati matabwa atupa ndi chinyezi, zimachitika. Kenaka pangodya paja, kunja, panaoneka kamng'alu kopyapyala ngati ulusi, koyambira pansi, kokwera motsata mizere ya njerwa ngati makwerero. Edson anakamata, nati nyumba yatsopano imakhazikika. Goodson anafunsa kuti ngati ikukhazikika, bwanji chipindacho chikuoneka ngati chakwera m'malo motsika? Edson anaika levulo pawindo, nayang'ana kadontho kaja kali kumbali, nati levuloyo inagwa pansi tsiku lina.

Zipinda ziwiri zija sizinasunthe. Zitseko zake zinkatseka ngati tsiku loyamba. Teleza anali ndi pakati, ankaimba posinja, ndipo Goodson anaganiza kuti mwina nkhani yatha ndi kupala chitseko.

Mwana anabadwa mu Ogasiti, wamkazi, namutcha Jean. Nthawi imeneyo mvula inali italeka kalekale, ndipo pabwalo panayambanso kuyasama. Makande a pansi pa chipinda chachitatu anauma kuyambira kunja, ndipo mbali ya kumapeto inatsika. Chipindacho chinaweramira kunja, chikukoka zonse zomwe Edson anachilumanitsa nazo. Mng'alu sunatsegukenso pomwe anamata paja. Unatsegukira pamwamba, pansi pa denga, ndipo sunatsate mzere wa pakati pa makoma awiri, chifukwa pamenepo njerwa zinali zitagwirana bwino kwambiri. Unalowa m'khoma la chipinda chogona, mikono iwiri kuchokera pangodya, nutsika mokhotakhota mpaka pawindo. Mu Seputembala munkalowa chala. Mu Okutobala munkalowa dzanja, ndipo mphepo ya kudambo inkafika pamphasa pomwe ankagona mwana.

Goodson ankamata m'mawa uliwonse asanapite kuntchito. Pobwera ankapeza dothilo litagwa. Teleza ankangosesa.

Anapita kwa a Lajabu. Anawapeza akudzoza mafuta mawilo a ngolo, ndipo iwo sanadikire kuti Goodson amalize kufotokoza.

"Ndinaona tsiku lomwe lija."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinanena musanamange. Mutamanga ndikananenanji? Denga linali pamwamba, apongozi anu ali m'njira." Anapukuta manja. "Maziko a zipinda ziwirizo ali bwino, sanasunthe. Chomwe chikung'amba khoma ndi chaching'onocho. Chaka chino chakoka dzanja limodzi. Mvula ikabwera chidzakankha, chilimwe chidzakokanso, ndipo chaka chachitatu ngodya yonse idzagwa, mwina kunja, mwina m'kati. Chichotseni. Mudule mtanda wa denga, muuchirikize, mugumule chipindacho kuyambira pamwamba, mumangenso ngodya ndi njerwa zomwezo. Mvula isanagwe."

"Sitingangochidula pakati, tisiye mpata uja munanena?"

"Chikanakhala choongoka, inde. Pano chawerama kale. Mukachimasula chidzagwa chokha, tsiku lomwe chafuna."

Goodson anabwerera wapansi, njira yonse akulankhula yekha. Akachisiya, khoma lidzagwera mkazi ndi mwana. Akachigumula, zipinda zitsala ziwiri, ndipo mawu ake pamaso pa ankhoswe asanduka bodza. Ankayesa kupeza njira yachitatu, monga anachitira poyamba, koma ulendo uno sinapezeke. Anabwereka hamala ndi tchizulo zogumulira khoma kwa Edson, yemwe anazipereka osamuyang'ana kumaso, ndipo zinakhala pakhonde masiku asanu osagwiritsidwa ntchito.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunabwera a Peterson. Anati abwera kudzaona mwana, koma mbiri inali itawapeza kale, chifukwa sanalowe m'nyumba. Anapita molunjika kuseri, nalowetsa ndodo yawo mumng'alu mpaka inatulukira m'kati. Kenaka anaona hamala pakhonde.

"Iyi ndi ya chiyani, mkamwini?"

Goodson anafotokoza. Anayamba ndi makande, napita ku bango, nabwerera ku piki, nasokoneza za mchenga ndi za mpata, natchula ng'ombe ndi mbuzi. Ankamva yekha kuti zomwe akunena sizikugwirana. A Peterson anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ine za dothi sindizidziwa," anatero. "Ndikudziwa kuti munatiitana kudzawerenga zipinda zitatu, titachoka mukufuna kuchotsa chimodzi. Ndiye kuti chinali chongotionetsa? Mukachisiya, mwana wathu akugona pamphepo monga kale. Mukachichotsa, munatinamiza. Sankhani nokha dzina lomwe mukufuna." Anatembenukira kukhomo. "Teleza, manga katundu."

Teleza analowa m'nyumba. Goodson anamva mphasa ikupindidwa, mbale zikugundana. Anafuna kunena kanthu, koma chilichonse chomwe ankachiganiza chinali chonenedwa kale ndi Edson kapena a Lajabu. Anakhala pansi pakhonde.

Teleza anatuluka mwana ali kumsana, mtolo uli m'manja. Anautula pakhonde. Sanapite kwa amalume ake. Anayenda mpaka pachitseko cha chipinda chachitatu, nachikankha ndi phewa mpaka chinatseguka. M'katimo munali khasu, dengu lothyolera tiyi ndi chitini chopanda kanthu. Chaka chonse palibe amene anagonamo.

"Bambo," anatero osatembenuka, "ine sindinapemphe zipinda zitatu. Amalume sanapemphenso, inu ndi amene munayamba kunena. Chaka chonse ndakhala ndikusesa muno osadziwa kuti ndikusesera yani. Chipinda chimenechi chinali cha yani?"

Funso limeneli palibe anali atamufunsapo, ndipo mwa mafunso onse a chaka chimenecho ndi lokhalo lomwe yankho lake ankalidziwa.

"Cha ana," anatero.

"Ana ati?"

Goodson anayang'ana pansi. "Margret ankati akadzakula akufuna kogona kwake, kopanda nkhuku. Winston ndiye ankangovomera zonse zomwe wanena mlongo wake. Tsiku lija kwanu, pomwe ndinkalankhula, ndinawerenga chathu, chochezera, ndi chawo. Ndinazindikira nditanena kale."

A Peterson anasuntha ndodo kuchoka dzanja lina kupita lina. Teleza anaima pakhomo paja nthawi yaitali, akuyang'ana m'chipinda chopanda kanthucho, ndipo misozi inkatsika osaipukuta. Mwana kumsana anadzuka nayamba kulira, iye namugwedeza pang'ono mpaka anatonthola.

Kenaka analowa, natulutsa khasu, dengu ndi chitini, naziika pabwalo. Anabwerera pakhonde, natola hamala ndi tchizulo, naziika pamiyendo pa mwamuna wake.

"Awo ali nako kale kogona kwawo," anatero. "Uyu agona ndi ine. Gumulani."

"Teleza," anatero a Peterson, "mawu ananenedwa pamaso pa anthu."

"Ndamva, amalume. Mukawauze anthuwo kuti zipinda ndi ziwiri, ndipo ndine ndachotsa chinacho."

A Peterson anayang'ana mtolo uja pakhonde ngati kuti ungawathandize, koma Teleza anali atayamba kale kuumasula, akutulutsa mbale imodzi imodzi. Goodson anaimika makwerero pakhoma la chipinda chachitatu, nakwera, nayamba kusasula udzu wa padenga. Mtolo woyamba wa udzu unamupulumuka nugwera pafupi ndi mapazi a apongozi ake. A Peterson anauyang'ana kanthawi, kenaka anavula jekete, nalipachika pamtengo, nauchotsa panjira.